Chitsulo Pansi pa Chiwaya cha Mtedza

Namwino anayang'ana sikelo, kenako anayang'ana ine, ngati kuti ndine ndinkadya chakudya cha mayi akunyumba.

"Makilogalamu 51," anatero. "Tsiku la ngozi anali 57. Bambo, awa ndi masabata atatu okha."

Mayi akunyumba anatsika pasikelo atagwira phewa langa ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali m'chikhakha. Njinga yamoto inawagunda akuwoloka msewu pochokera kumsika, ndipo anathyoka dzanja ndi nsagwada. Madokotala anamanga mano akumwamba ndi akumunsi pamodzi ndi waya kuti fupa ligwirane, nati wayayo akhala masabata asanu ndi limodzi. Chilichonse cholowa m'mimba mwawo chinkadzera m'kapaipi komwera, n'kudutsa pampata wa dzino limene anachotsa kalekale.

"Mubwerenso pakatha masabata awiri, Lachisanu," namwinoyo anapitiriza akulemba pakhadi. "Akatsika kufika pansi pa 50, tiwagoneka, ndipo chakudya chizilowera m'chubu cha m'mphuno."

Zala za mayi akunyumba zinalimba paphewa panga. Mayi awo owabereka anamwalira ali ndi chubu chotero m'mphuno, ndipo ndi iwo amene ankawasamalira mpaka tsiku lomaliza. Sindinawayang'ane. Ndinangogwira zalazo.

Namwino anaziona zimenezi, ndipo mawu ake anafewa. Anati msuzi wamadzimadzi umene ndinkawapatsa umangodzaza m'mimba. Pankafunika mkaka, nthochi zakupsa, ndipo koposa zonse chiponde, chifukwa supuni ziwiri zokha zimapereka mphamvu zambiri. "Koma chikhale chosalala ndithu. Muzichisungunula mumkaka wofunda n'kusefa. Kachidutswa kamodzi kakakodwa kuseri kwa waya, adzavutika nako tsiku lonse."

Pobwerera tinadzera kusitolo, ndinagula botolo limodzi la chiponde. Mayi akunyumba anayamwa kamodzi n'kutsinzina. Mchere unawaluma pabala la m'kati mwa tsaya, ndipo shuga wake anawachititsa mseru. Munthu womangidwa nsagwada mseru ndi mdani wake. N'chifukwa chake kuchipatala anandipatsa kapulayala kodulira waya, kakuti ndiziyenda nako kulikonse mwina angasanze. Botololo ndinalibweza m'kabati.

"Chathu," anatero kudzera m'mano. Kuyankhula kunkawapweteka, choncho mawu ankawawerenga ngati machesi otsala.

M'zaka makumi atatu ndi chimodzi za ukwati wathu, chiponde cha kusitolo chinali chisanalowepo m'nyumba mwathu. Loweruka limodzi pa masabata awiri alionse mayi akunyumba ankakazinga mtedza, n'kumangirira chigayo chamanja kumphepete kwa tebulo la m'khitchini. Ine ndinkamva fungo ndili pakhomo ndikuvula nsapato zantchito. Ndinkadya, ndinkayamikira, koma sindinaimepo pambali kuti ndione mmene zimachitikira.

"Musadandaule, amayi," ndinatero. "Moto ndiye ntchito yanga."

Ndine wowotcherera zitsulo. Mageti, mawindo, mabedi, ngolo, zonsezo zadutsa m'manja mwanga. Ndinkaganiza kuti munthu amene amasungunula chitsulo sangagonje ndi mtedza.

Loweruka m'mawa mayi akunyumba akugona, ndinathira mtedza wodzaza chiwaya, n'kutsegula gasi mpaka kumapeto. Kuntchito tikafuna kuti chinthu chithe msanga timawonjezera moto. Pasanathe mphindi zisanu mtedza unayamba kuthetheka, makoko ake akuchita mawanga akuda. Ndinatakasa kawiri katatu, ndinaona kuti wada mokwanira, ndinaphula. Ndinausiya m'chiwaya momwemo ndikufunafuna zomangira chigayo, ndipo nditabwera wapansi unali utasanduka makala. Wakudawo ndinataya, wotsalawo ndinagaya ndi makoko omwe.

Zimene zinatuluka zinali ngati utuchi wonyowa. Ndinazitakasa mumkaka, ndinasefa monga ananenera namwino, ndipo theka linatsalira pasefa. Mayi akunyumba anapempherera kapuyo chamumtima, namwa yonse pang'onopang'ono. Kenako analowa kubafa ndi kapu ya madzi ofunda, nakhalako nthawi yaitali akuchukucha m'kamwa.

"Zili bwanji?" ndinafunsa atatuluka.

"Zikomo, abambo."

Tsiku lotsatira titabwera kutchalitchi ndinayesanso. Moto ndinauchepetsa pang'ono, koma mtedza unatulukabe wamitundu itatu: wakuda, wofiirira ndi woyera. Pogaya, ufa wake unakana kugwirana. Ndinaganiza ngati womanga nyumba: simenti ikauma timathira madzi. Ndinathira supuni zitatu. M'malo mofewa, zonse zinaumbika n'kulimba ngati phula lomatira magalasi, chigayo n'kukana kuzungulira. Ndinachimasula n'kuzikokota ndi mpeni. Zimenezonso ndinazisungunula mumkaka. Mayi akunyumba anamwa theka, nati akhuta.

Lolemba masana kunabwera alamu, mkulu wawo wa mayi akunyumba. Ndi mayi wamtima wabwino, koma pakamwa pawo palibe chitseko. Anabweretsa nthochi ndi zovala zimene anatichapira. Anakumbatira mng'ono wawo, namubweza kuti amuone bwino, naika zala ziwiri m'lamba wa siketi yake.

"Iwe, wayamba kuvala zovala za eni? Taona, ndingalowemo inenso muno."

Kenako anaona kapu patebulo. Anainunkhiza, naviika chala, nalawa. Anathamangira kusinki.

"Alamu! A Zamoto inu! Mwamupatsa mng'ono wanga phulusa la geti?"

"Ndi chiponde, alamu."

"Chiponde cha kuti? Mwalawa inuyo?"

Ndinali ndisanalawepo. Kuntchito kwathu chinthu timachiyesa ndi maso ndi hamala.

"Talawani."

Ndinalawa. Poyamba kunabwera kuwawa kwa chinthu chopserera, kenako kufwefwenthera kwa mtedza wauwisi, ndipo pomaliza timchenga tinatsalira palilime. Ndinayang'ana mayi akunyumba. Anali atamwa zimenezi masiku atatu, n'kumathokoza. Iwo anayang'ana pawindo.

"Tamverani, alamu," anatero alamu atapukuta pakamwa, ndipo tsopano sankaseka. "Ine chiponde sindichitha, ndimagula, sindinama. Koma munthuyu akutha. Bwanji tipite naye mawa lomwe akamugoneke? Chubu si imfa ayi. Kudikira Lachisanu la sabata yamawa n'kungomuzunza."

Mayi akunyumba anagogoda tebulo ndi chikhakha. "Ayi, achemwali."

"Iwe ukana chifukwa cha amayi, ndikudziwa. Inenso ndinalipo. Koma uwu si ukalamba, ndi njala chabe."

"Ayi."

Alamu anatembenukira kwa ine. "Ndibweranso Lachinayi. Ndikapeza akumwabe makala, ndimutenga ndekha, ngakhale pomubereka."

Sindinawakwiyire. Ankanena zoona, ndipo ankazinena chifukwa chomukonda mbale wawo.

Atapita, ndinakoka mpando n'kuuika m'khitchini pafupi ndi sitovu. "Amayi, khalani apa. Ine ndikhala manja, inu mukhale maso. Ndikalakwitsa gogodani."

Anayamba ndi chinthu chimene ine sindinachiganizepo. Analoza thireyi, ndinakhuthulirapo mtedza, ndipo ndi dzanja lamanzere anayamba kusankha. Wofwapa, wosweka, wobooka ndi wakuda anaukankhira pakona. Anatola umodzi wokhala ndi kaufa kobiriwira, naufikitsa pafupi ndi diso langa.

"Chuku. Poizoni."

Wotsalawo anaugawa pawiri, waukulu payokha, waung'ono payokha. Apa sanafunike kufotokoza. Waya woonda amafiira msanga kuposa nsimbi yonenepa. Ukaziika pamoto umodzi, china chipsa china chisanatenthe.

Ndinathira wodzaza chiwaya monga kale. Gogodo. Ndinachotsako. Gogodo. Ndinachotsabe mpaka unatsala wongophimba pansi pa chiwaya, wosasanjikizana. Moto ndinauchepetsa mpaka pamene ukanazima ndikanapitiriza. Ndinatakasa osaleka, mayi akunyumba akuyang'ana dzanja langa. Komabe patapita kanthawi, fungo lopserera linayamba. Wapakati unkachita mawanga pamene wam'mphepete unali usanasinthe n'komwe.

Mayi akunyumba anaimirira, nagwira chiwaya ndi dzanja lamanzere kuti andionetse. Ankafuna kuchinyamula n'kumachigwedeza, kuchichotsa pamoto n'kuchibwezera, monga ankachitira zaka zonsezo, dzanja lina likutakasa. Chiwaya chinapendekeka, mtedza n'kumwazika pansi. Anakhala pampando, nabisa nkhope m'dzanja. Sanalire mokweza, chifukwa ngakhale kulira kunkafuna nsagwada.

Ndinazimitsa moto, ndinagwada n'kutola mtedzawo umodziumodzi. Ndili chogwada chomwecho ndinati mumtima, Ambuye, luso la zaka makumi atatu sindingaliphunzire masiku atatu. Ndionetseni chimene ndingathe.

Madzulo ake potsuka chiwaya ndinachitembenuza. Chinali chopyapyala, chakuti ukhoza kuchipinda ndi manja. Kunsi kwake kunali mkombero wabuluu wosakanikira ndi wakuda, waukulu ngati pakamwa pa kapu, pamene lawi la gasi linkagunda. Mtundu umenewo ndimaudziwa. Ndi umene lata lopyapyala limaonetsa likatsala pang'ono kubooka ndi moto. Ndipo kuntchito tikamawotcherera lata lotero, timaika chitsulo chochindikala kuseri kwake, kuti chimwe kutentha n'kukumwaza, kusaunjikane pamalo amodzi.

Lachiwiri ndinalawirira kushedi kumene timagwirira ntchito. Pamulu wa zotsala ndinapeza chitsulo chafulati, chochindikala ngati pensulo, chopanda penti ndiponso chosakutidwa ndi zonyezimira zija zimene zimatulutsa utsi woipa zikatenthedwa. Ndinachidula mozungulira molingana ndi chiwaya, ndinapala dzimbiri mpaka chinawala, ndipo ndinachiwotcha panja kuti mafuta onse apse n'kutha. Mnzanga amene timagwira naye ntchito anafunsa ngati ndayamba kupanga mawilo a sitima. Nditamuuza, sanasekenso. Anati ndipite kunyumba, geti limene tinkayenera kumaliza tsikulo alimaliza yekha.

Mayi akunyumba ataona ndikulowa nacho m'khitchini, anakweza nsidze.

"Shedi?" anatero.

"Sichikhudza chakudya, amayi. Chikhala pansi pa chiwaya basi."

Anachigwira ndi chala, nayang'ana chalacho ngati chada. Sichinade. Anakhala pampando wawo.

Ndinaika chitsulocho pasitovu, moto wapakatikati, ndipo ndinadikira mphindi zisanu kuti chitenthe chonse. Ndinaikapo chiwaya, ndinathira mtedza waukuluwo, makapu awiri okha. Kwa nthawi yaitali panalibe chochitika. Dzanja langa linapita lokha kokatsegula gasi. Gogodo. Ndinalibweza.

Ndinatakasa mozungulira, wam'mphepete kuubweretsa pakati, wapakati kuukankhira kunja. Mphindi khumi zinatha. Phokoso la mtedza m'chiwaya linasintha. Poyamba unkamveka wolemera, tsopano unayamba kuwayaza ngati timiyala touma. Makoko anayamba kung'aluka pang'onopang'ono, osada. Fungo lija ndinkalimva ndili pakhomo linayamba kudzaza khitchini, ndipo ndinaona mphuno ya mayi akunyumba ikugwedera.

Zitakwana pafupifupi mphindi makumi awiri, anatambasula dzanja. Ndinawapatsa umodzi pasupuni. Anauuzira kudzera m'mano, naufikisa ndi zala, khoko n'kuchoka lokha. Anauswa pakati n'kundionetsa m'kati. Unali woyererako.

"Pang'ono."

Patapita mphindi zitatu tinaswa wina. M'kati monse, kuchokera kunja mpaka pakati, munali mtundu umodzi, ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Ndinatola wam'mphepete ndi wapakati n'kuswa. Onse anali chimodzimodzi.

"Phulani."

"Koma sunafiire bwino, amayi. Chanu chija chimakhala chofiirirapo."

Gogodo, gogodo. Ndinaphula. Analoza thireyi, ndinakhuthula msanga n'kumwaza. Ndipo ndikuyang'ana, mtedzawo unapitiriza kufiira wokha pathireyipo, ndi kutentha kumene unali nako m'kati. Ndikanadikira kuti ufiire m'chiwaya, ukanapserera pathireyi. Loweruka lija ndinausiya m'chiwaya chamoto n'kupita kukasaka zomangira.

Utazizira moti n'kugwirika, tinaukulunga m'kansalu koyera ndipo ndinautikita. Ndinatuluka nawo pakhonde kukauzira makoko. Woyandikana nafe ankayanika zovala, ndipo anasuntha mashiti ake kuti mankhusu asawagwere. Nditabwerera m'nyumba, mayi akunyumba anayamba ntchito ina. Mtedza uliwonse ukagawika pawiri, kumutu kwake kumakhala kamtima kakang'ono ngati kanjere ka mpunga. Ankatichotsa ndi chikhadabo.

"Timawawa," anatero. Masiku onse ankatisiya, koma panopo m'kamwa mwawo munkamva chilichonse. Tinakhala awiri patebulo tikuchotsa timitima, ine ndi zala zanga zokhakhala, iwo ndi dzanja limodzi. Iwo ndi amene ankafulumira.

Nditati ndipume kaye ndimwe tiyi, anakana. Anaika dzanja langa pamtedza kuti ndimve. Unali ukadali wofunda.

"Pompano. Mafuta."

Mtedza wofunda umatulutsa mafuta ake mosavuta, ndipo wokazingika bwino mpaka m'kati ndi umene uli ndi mafuta okonzeka kutuluka. Wanga uja unkakana kugwirana chifukwa theka lake linali laliwisi.

Chigayo chamanja chili ndi mbale ziwiri zachitsulo zimene zimakhuzana, ndi chomangira chakutsogolo chimene chimaziyandikizitsa kapena kuzitalikitsa. Ine ndinkachimanga mpaka kumapeto kuyambira pachiyambi, n'kumalimbana nacho ngati ndikudzutsa galimoto yakale. Mayi akunyumba anachimasula okha. Ulendo woyamba munatuluka zofumbutuka, zouma, zofanana ndi zanga zija. Mtima wanga unagwa. Ndinayang'ana jagi ya madzi, ndipo iwo anaikankhira kutali ndi chikhakha.

"Madzi ayi. Chimalimba. Chimavunda."

Anamangako chomangira pang'ono, nati ndibwezeremo. Ulendo wachiwiri zinatuluka zogwirana, zolemera ngati dothi loumbira. Anamangakonso. Ulendo wachitatu chogwirira chinalemera, thukuta linatuluka, mbale za chigayo zinafunda, ndipo chimene chinatuluka chinali chonyezimira, chikutsika chokha m'mbale ngati uchi wolimba. Mayi akunyumba anatapa pang'ono, nachifikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, atatsinzina kuti amve bwino. Anakweza chala chimodzi. Ndinathira supuni yaing'ono ya mafuta ophikira monga analozera, ndipo ndinachidutsitsa kachinayi.

Ulendo uno ndinalawa ndisanawapatse. Sindinapeze kamchenga ngakhale kamodzi.

Kusungunula nakonso kunali ndi njira yake. Ukathira mkaka pang'ono chiponde chimayamba chalimba, koma ukapitiriza kuthira pang'onopang'ono ukutakasa, chimamasuka n'kusungunuka chonse. Ndinaika supuni ziwiri zazikulu, ndinakanyiramo nthochi yakupsa kwambiri, ndinasefa. Pasefa panatsala timinyewa ta nthochi tokha.

Mayi akunyumba anaweramitsa mutu, napemphera, naika kapaipi pampata wa dzino. Ndinayang'ana khosi lawo likumeza. Sanapume mpaka kapaipi kanalira pansi pa kapu. Anapita kubafa kukachukucha monga mwa lamulo la kuchipatala, koma anabwerako msanga.

Lachinayi alamu anafika atanyamula chikwama chopanda kanthu, choti alongedzeremo zovala za mng'ono wawo. Anachiika pampando moonetsera.

"Chili kuti chija, a Zamoto?"

Ndinawapatsa botolo ndi supuni. Analawa kansonga kokha, atakonzekera kuthamangira kusinki. Anaima. Anatapanso yodzaza.

"Mwagula kuti?"

"Funsani abale anuwo."

Anayang'ana mng'ono wawo, amene analoza chitsulo chili pasitovu. Alamu anapita kukachiona, nachigogoda ndi supuni.

"Ndiye kuti mwawotcherera mtedza? Ambuye ndichitireni chifundo. Iwe, mwamuna wakoyu tsiku lina adzakuphikira tiyi ndi magalasi akuda kumaso."

Mayi akunyumba anaseka, kuseka kotulukira m'mphuno, atagwira tsaya chifukwa cha ululu.

"Musawaseketse, alamu, waya angaduke."

"Akaduka muwotcherera, vuto lili pati?" Anakhala pansi. "Akumwa kangati?"

"Katatu patsiku, kuwonjezera pa msuzi ndi phala losefa. Dzulo anapempha kachinayi."

Alamu anayang'ana mng'ono wawo nthawi yaitali. "Chabwino. Tidikira sikelo. Koma ikakana, alamu, musadzandiletse."

"Sindidzakuletsani."

Anatenga chikwama chawo, ndipo pochoka anafunsa ngati pangapezeke kabotolo kena kakang'ono, kakuti akangoonetsa anthu kwawo.

Masiku otsatirawo anali ofanana. Ndinkakazinga kamodzi pa masiku atatu alionse, makapu awiri a waukulu kenako awiri a waung'ono, umene unkapsa msanga ndi mphindi zinayi kapena zisanu. Kamodzi mwana wathu wamkazi anaimba foni kuchokera kumene amagwira ntchito, ndipo ndinayankha ndili pamoto. Dzanja linaima kwa mphindi ziwiri zokha, mbali imodzi ya mtedza n'kuchita mawanga ngakhale chitsulo chinalipo. Ndinausankha wonse wamawangawo n'kudya ndekha. Lolemba mayi akunyumba anadzuka ndi mutu, ndipo tsiku lonse anamwa kapu imodzi ndi theka. Sindinawakakamize. Ndinkangoikapo kapu ina pafupi, ikazizira n'kukaifunditsa. Kunyumba tinalibe sikelo, choncho ndinkayang'ana mkono wawo, pamene wotchi inkatsetsereka, koma sindinkatha kudziwa ngati pali kusintha.

Lachisanu lija mayi akunyumba anatuluka kuchipinda atavala juzi ziwiri, jekete langa lamvula, ndi nsapato zawo zolemera. Kunja dzuwa linali litawala bwino.

"Amayi, kukuzizira?"

Anangotsogola kupita kukhomo. Ine sindinafunsenso.

Alamu tinawapeza atafika kale, atatisungira malo pabenchi. Dzina litaitanidwa tinalowa tonse atatu. Namwino anali yemwe uja. Anayang'ana mayi akunyumba kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, ine ndimayeza anthu, osati sitolo ya zovala. Jekete, juzi imodzi ndi nsapato, apatseni bambowa."

Alamu anaseka mpaka anagwira khoma. Mayi akunyumba anavula, nandipatsa chimodzichimodzi. M'thumba la jekete ndinamva kulemera. Munali loko wamkulu wa pageti lathu. Ndinapinda jeketelo bwinobwino n'kulikhumbatira.

Anakwera pasikelo. Manambala anathamanga, anabwerera, anaima. Ine ndinali ndikuyang'ana pansi, milomo ikuyenda yokha.

"51 ndi theka," anatero namwino. Anawatsitsa, nadikira kuti sikelo ibwerere poyambira, nawakwezanso. "Eya, 51 ndi theka. Simunanenepe, mayi, musadzitame. Koma mwasiya kutsika." Analemba pakhadi. "Palibe chogonera kuno. Lachisanu likubwerali mubwere kwa adokotala a mano adzaone ngati waya angachoke. Zimene mukuchitazo, bambo, pitirizani."

"Amawotcherera mtedza," anatero alamu.

Namwino sanamve tanthauzo lake, ndipo anaitana munthu wotsatira.

Panja mayi akunyumba anakhala pabenchi ya pansi pa mtengo kuti ndiwaveke nsapato. Alamu anali atayamba kale kuimbira abale, akufuula ngati foniyo ndi yogontha. Nditamanga chingwe chachiwiri, mayi akunyumba anandigwira pamutu.

"Abambo."

"Ee, amayi."

"Njala."

M'chikwama ndinali ndi fulasiki imene ndinakonza m'mawa, yoti akayambe nayo kuwodi zinthu zikanapanda kuyenda. Ndinathira m'chivindikiro chake, ndinaikamo kapaipi, ndipo ndinawagwirira mpaka anamaliza.